iPod Yakale Ikakanirira pa Apozi: Pulumutsani Nyimbo Musanafufute

M'madirowa ambiri muli ma iPod omwe eni ake anawataya mtima. Ukaiyatsa imaonetsa chizindikiro cha apozi n'kuima pomwepo. Ina imazima n'kuyakanso, kuzima n'kuyakanso, osafika pa nyimbo. Ukailumikiza ku kompyuta, kompyutayo imangokhala duu ngati palibe chomwe chalowa. Ambiri akafika apa amathamangira batani la Restore mu iTunes, kapena amavomera Windows ikawapempha kufomata, ndipo nyimbo zomwe zikanapulumuka zimathera pomwepo.

Kampani ya Apple inatulutsa iPod yoyamba mu 2001 ndipo inasiya kupanga mtundu wa iPod Classic mu 2014. Choncho iPod Classic iliyonse yomwe ilipo lero yapitirira zaka khumi. Mkati mwake simuli memore yonga ya mufoni. Muli disiki yozungulira ya mainchesi 1.8, yokhala ndi kamutu kowerenga komwe kamayandama pamwamba pa mbale yake. Chipangizochi chikamayaka, pamafunika zinthu zitatu motsatizana: batire lipereke moto wokwanira kuzungulitsa disiki, disiki iwerengeke, kenako pulogalamu yoyendetsa chipangizo itsegule mndandanda wa nyimbo. Chimodzi chikalephera, sikirini imaima pa apozi. Ntchito yonse yagona pa kudziwa kuti mwa zitatuzi chalephera n'chiti, ndipo timayamba ndi chomwe sichiwononga kanthu.

Tiyerekeze kuti mwalandira iPod Classic ya 120GB, ya mu 2008, kuchokera kwa m'bale wanu wa ku Britain, ndipo yakanirira pa apozi.

Moto choyamba

Disiki imakoka moto wambiri pa kamphindi komwe ikuyamba kuzungulira. Batire lokalamba limatha kuyatsa sikirini, koma disiki ikangofuna kuzungulira mphamvu imagwa, chipangizo chimazima, kenako n'kuyambiranso. N'chifukwa chake kuzimazima kotere nthawi zambiri kumaloza ku batire. Bowo la USB 2.0 la pakompyuta limapereka mavoti 5 ndi mamiliampu osaposa 500, ndipo nthawi zina motowu sukwanira kudzutsa batire lomwe lagona zaka. Ikani iPod pa tchaja ya pakhoma kwa theka la ola kapena kupitirira apo musanayese china chilichonse. Mukaona mawu akuti "Please wait. Very Low Battery", isiyeni pamoto, musaivutitse.

Ili pamotopo, iyang'anitsitseni cham'mbali. Ngati chivundikiro chatukuka, kapena pasikirini pali banga lakuda ngati chinthu chikukankha kuchokera mkati, batire lafufuma. Ichotseni pamoto msanga, musaifinye, ndipo batirelo lisinthidwe musanapitirire.

Yang'ananinso bowo la pansi lolowetsamo chingwe, lija lotambalala la mapini 30. Thonje la m'thumba ndi fumbi zimaunjikana m'menemo. Mapini a moto ndi ena, a mafayilo ndi enanso, kotero iPod ikhoza kumatchaja bwinobwino koma osaoneka pakompyuta. Tokosanimo mosamala ndi kamtengo kotokosera mano, osati singano, ndipo yesani chingwe china, pakuti zingwe zotchipa zambiri zimaduka mkati kunja zikuoneka zabwino.

Mabatani awiriawiri

Ikatchaja, sunthani kabatani ka Hold kuti mtundu wa olenji uoneke, kenako kabwezereni. Gwirani Menu pamodzi ndi batani la pakati kwa masekondi pafupifupi 8 mpaka apozi atuluke. Uku n'kungoidzutsa chabe, sikufufuta kanthu. Tsopano ikani chipangizocho pakhutu. Disiki yamoyo imalira kamluzu kosalala ikamazungulira. Mukamva "tiki, tiki, tiki" mobwerezabwereza, kenako chete, ndiye kuti kamutu kakulephera kupeza malo ake pambale. Mukapanda kumva kalikonse, vuto likhoza kukhala batire kapena kalamba kopyapyala kolumikiza disiki ndi bolodi, komwe kamasuntha chipangizo chikagwa pansi.

Ikaimanso pa apozi, bwerezani Menu ndi batani la pakati, koma apozi akangotuluka gwirani batani la pakati pamodzi ndi Play/Pause. Mukachita msanga, sikirini idzasintha n'kulemba Disk Mode pamwamba. Apa chipangizo chasiya kuyesa kutsegula mndandanda wa nyimbo, changokhala ngati fulashi wamba. Ubwino wake ndi woti Disk Mode sidalira pulogalamu ya padisiki ija. Ngati chomwe chinawonongeka ndi mndandanda wa nyimbo, monga zimachitikira munthu akazula chingwe mawu akuti "Do not disconnect" ali pasikirini, iPod imalowa mu Disk Mode popanda vuto, ndipo nyimbo zimakhala zilipo.

Kompyuta ikakana kuiona

Musanailumikize, tsegulani iTunes ndipo mu Preferences, pa Devices, chongani poletsa kusinthana nyimbo kodzichitikira. Mukapanda kutero, iTunes ya kompyuta yachilendo ikhoza kukufunsani ngati ichotse nyimbo za mu iPod n'kuikamo zake, ndipo kudina kamodzi kolakwika n'kokwanira. Lowetsani chingwe pa kompyuta penipeni, osadzera pa kabokosi kogawira mabowo a USB.

iPod ikapanda kuoneka mu File Explorer, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `diskmgmt.msc`, ndipo onani mndandanda wa madisiki. Pali zinthu zitatu zomwe mungapeze. Choyamba, disiki ilipo, yalembedwa FAT32, koma ilibe chilembo chonga E: kapena F:. Ili ndi vuto laling'ono: dinani kumanja, sankhani Change Drive Letter and Paths, n'kuipatsa chilembo chomwe sichikugwiritsidwa ntchito.

Chachiwiri, disiki ilipo koma Windows sikuizindikira, mwina ikukupemphani kuti muifomate. Kanani. iPod yomwe inakonzedwa pa kompyuta ya Mac imasunga mafayilo mwa dongosolo la HFS+, lomwe Windows siiwerenga payokha, pamene yokonzedwa pa Windows imagwiritsa ntchito FAT32, yomwe makompyuta onse awiri amawerenga. Ma iPod ambiri obwera ndi abale kapena ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito amagwera m'gulu limeneli, ndipo amakhala alibe vuto lililonse. Funsani m'bale uja kuti ankailumikiza ku kompyuta yanji. Ngati inali Mac, pezani Mac yobwereka. Kuyambira pa macOS Catalina ya mu 2019, iPod imaonekera mu Finder chifukwa iTunes anaichotsa.

Chachitatu, pamndandanda palibe chilichonse chatsopano ngakhale mwasintha chingwe ndi bowo, kapena kompyuta yonse imauma mukangoilumikiza n'kumasuka mukaizula. Kuuma koteroko ndi chizindikiro chakuti Windows ikudikira disiki yomwe ikulephera kuyankha.

Palinso iPod yomwe imayaka bwino, imaoneka mu iTunes, koma osaoneka ngati disiki. Imeneyo siinafe ayi. Pa tsamba la Summary chongani Enable disk use, basi.

Funsani disiki yeniyeniyo

iPod Classic ili ndi malo obisika odziyezera. Idzutseni monga kale, ndipo apozi akatuluka gwirani batani la pakati pamodzi ndi lobwerera m'mbuyo, la kumanzere. Sikirini ya mayeso ikabwera, dinani Menu, pitani pa IO, kenako HardDrive, kenako HDSMARTData. Mizere iwiri ndiyo yofunika. Reallocs ikuonetsa tizigawo ta disiki tomwe tinafa n'kulowedwa m'malo ndi tosungira. Pending Sectors ikuonetsa tizigawo tomwe disiki yalephera kuwerenga ndipo sinathane nato.

Tinene kuti iPod yathu ija yaonetsa Reallocs 0 ndi Pending Sectors 0. Disiki ndi yamoyo, vuto lili pa pulogalamu kapena batire. Koma ikaonetsa Reallocs m'mahandiredi ndi Pending Sectors zingapo, ndipo manambalawo n'kukwera mukayezanso mawa lake, disikiyo ili paulendo. Kuiyatsa kulikonse kukuifupikitsira moyo, choncho nthawi yomwe yatsala igwiritsidwe ntchito pokopa nyimbo.

Kopani, kenako fufutani

Disiki ikaoneka, simudzaona nyimbo nthawi yomweyo, chifukwa zili mu foda yobisika. Mu File Explorer, pa View, chongani Hidden items, ndipo mudzaona `iPod_Control`. Mkati mwake muli `Music`, momwe muli mafoda a F00, F01, F02 ndi ena otero, odzaza ndi mafayilo a mayina a zilembo zinayi zosamveka. Musadabwe nazo. Dzina la nyimbo ndi la woimba zinalembedwa mkati mwa fayilo, ndipo zimabwerera mukailowetsa mu pulogalamu yoimbira nyimbo.

Kukopa mwa kukoka ndi mausi kumakanirira pa fayilo yoyamba yowonongeka. Pa disiki yodwala ndi bwino kutsegula Command Prompt n'kulemba lamulo ili, ngati iPod yatenga chilembo E:

```
robocopy E:\iPod_Control\Music C:\Nyimbo /E /R:1 /W:1
```

Lamuloli limayesanso kamodzi kokha pa fayilo yovuta, kudikira sekondi imodzi, n'kupitirira. Mukhoza kutaya nyimbo zingapo, koma zambiri zimafika.

Pokhapokha nyimbo zitakhala pamalo ena m'pamene Restore imalowa. Imafufuta disiki yonse n'kulembamo pulogalamu yatsopano, ndipo ikachitikira pa Windows imasandutsa iPod kukhala ya FAT32. Ikatha bwino, iPod n'kuyaka, ndiye kuti vuto linali la pulogalamu. Ikamalephera ndi manambala onga 1429 kapena 1439 ngakhale mwasintha chingwe ndi kompyuta, kapena pasikirini pakabwera X wofiira, kaikirani disiki kapena kalamba kake.

Disiki ikafa

Ngakhale zitatero, chipangizocho sichinathe. Disiki yozungulira imachotsedwa n'kuikamo kabolodi kolowetsamo memore khadi, monga ka iFlash, ndipo iPod imapepuka, batire limakhalitsa, kugwa pansi sikuiopsanso monga kale. Pogula khadi kumbukirani malire awa: mitundu ya mu 2007 ndi ya 120GB ya mu 2008 imawerenga pafupifupi 128GB yokha ndi pulogalamu ya Apple, pamene ya 160GB yopyapyala ya mu 2009 imalandira khadi lalikulu kuposa apo. Kwa iPod yathu ija, khadi la 128GB n'lokwanira.

Kutsegula iPod Classic n'kovuta, chifukwa chigoba chake chachitsulo chimagwidwa ndi timano tambiri kuzungulira, ndipo kalamba ka batire ndi ka bowo la mahedifoni timaduka msanga munthu akakanula mwamphamvu. Mukaipereka kwa mmisiri wokonza mafoni, muuzeni zomwe mwapeza kale: ngati imalowa mu Disk Mode, manambala a Reallocs ndi Pending Sectors, komanso ngati nyimbo mwakopa. Mupempheni kuti ayambe wazula kalamba ka disiki n'kukabwezeretsa bwino asanagule chilichonse, asinthe batire nthawi yomweyo poti watsegula kale, ndipo disiki yakale akubwezereni osaifomata.