MPHAKA WODWALA IMPSO: MWINI ANGADZIWE BWANJI KUTI NTHAWI YAKWANA?

Mphaka wokalamba akayamba kumwa madzi kwambiri, kukodza pafupipafupi, kusanza ndi kuonda, kawirikawiri impso zace zimakhala zitaonongeka. Impso zotere sizicira. Dotolo wa ziweto angacepetse kuvutika kwace, koma tsiku limafika pamene moyo wace usanduka cizunzo cokha.

Kudziwa tsikulo nkovuta cifukwa mphaka amabisa ululu. Motero mwini ayenera kupenyetsetsa zinthu zinai madzulo alionse: kodi wadya, wadziyendera yekha kukadzithandiza, wadzinyambita ubweya, ndipo wabwera pafupi ndi anthu? Akacita zitatu mwa izi, mwiniyo aponye njere ya cimanga m'citini. Akalephera, aponyemo nyemba.

Pakatha milungu iwiri aziwerenge. Ngati nyemba ziri 10 ndipo cimanga 4, masiku oipa aposa abwino, ndipo nthawi yokambirana ndi dotolo yakwana. Koma mphaka wokana cakudya masiku awiri, wopuma mkamwa muli yasa, kapena wogonera mkodzo wace asadikire kuti milunguyo ithe.

Mwini asampatse Panado, pakuti ngakhale mbulu umodzi ungathe kupha mphaka mozunzika. Dotolo amabaya nyeleti yomgoneka tulo, ndipo mtima umaima posacedwa popanda ululu. Mtembo aukwirire mozama, cifukwa mankhwalawo amatsalira m'thupi ndipo angaphe galu woufukula.

Mphaka wocuca dovu amene wasanduka wolusa mwadzidzidzi asagwidwe. Cingakhale ciwewe, ndipo a ofesi ya ziweto ayenera kuuzidwa msanga.