Tsitsi lowongoka: bwanji mafuta amabwerera masana omwewo?

Lamulo lotsuka m'mutu kamodzi pa sabata ndimalivomereza, koma pa tsitsi lathu lopotana basi. Lowongoka ndi lopyapyala, lofala kwa azungu, lili ndi nkhani yake.

Patsinde pa tsitsi lililonse pali kathumba kotulutsa mafuta usana ndi usiku. Pa tsitsi lopotana, mafutawo amakodwa m'mapindiko. Pa lowongoka amangotsetsereka, ndipo poti ndi lopyapyala, pang'ono chabe n'ngokwanira kulimatanitsa. Onjezerani thukuta ndi zala zosachoka m'mutu: mwatsuka 6 koloko m'mawa, pofika 12 layamba kale kunyezimira pamphumi.

Ndiye kangati? Tsiku lililonse, kapena kudumpha limodzi. Shampu apite pakhungu la m'mutu, kondishona kunsonga kokha. Mukampaka patsinde, mwadzithira nokha mafuta.

Ena amati mukapirira osatsuka, khungu lizolowera n'kuchepetsa mafuta. Ine ayi, sindigwirizana nazo. Amalamula timatumbato ndi mahomoni, osati shampu, n'chifukwa chake vutoli limakula munthu akatha msinkhu.

Kukamayabwa n'kumagwa mfundu zachikasu, zonona, kutsuka kokha sikukwanira. Funsani ku famase shampu wa ketokonazo.