Nyumba yofunda kuchokera pansi: masamu amayambira kuphazi

Ku Jeremani ndi m'mayiko ena ozizira a ku Ulaya, nyumba zambiri zimafunditsidwa ndi mapaipi a madzi ofunda okwiriridwa mu simenti ya pansi. Mmisiri wodziwa ntchitoyi amayamba kuganizira phazi la munthu asanagule paipi. Muyezo wa EN 1264 umati pansi poponda pasapitirire madigiri 29 m'chipinda chokhalamo, 33 m'bafa, ndi 35 m'mbali mwa khoma momwe anthu sakhalitsa. Pakatentha kuposa apo, mapazi amasautsika.

Malire amenewa ndi amene amalamula zonse. Kutentha komwe sikweya mita imodzi imatulutsa kumapezeka motere:

q = 8.92 × (θF − θi)^1.1

θF ndi madigiri a pansi, θi ndi a m'chipinda. Pansi pakakhala 29, m'chipinda 20, yankho ndi mawati 100. Chipinda chotaya kutentha koposa pamenepo sichingafunde ndi mapaipi okha, ndipo kuwonjezera moto n'kulakwitsa. Mankhwala ake n'kukonza makoma ndi mazenera.

Titenge chipinda cha mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, chomwe chimataya mawati 1,200 tsiku lozizira kwambiri. Tikagawa ndi masikweya mita 20, tipeza mawati 60 pa iliyonse, ndipo pansi pafunika madigiri pafupifupi 26 basi. Mpata ulipo.

Mapaipi akatalikirana masentimita 15, chipindachi chimadya mamita 133. Koma paipi ya mamilimita 16 siyenera kupitirira mamita pafupifupi 100, chifukwa pampu imavutika kukankha madzi ndipo kumapeto kumazizira. Choncho timayala mizere iwiri ya mamita 67, kuwonjezapo kamtunda kofika pogawira madzi.

Kayalidwe nako n'kofunika. Paipi yongopita ndi kubwerera imatenthetsa mbali imodzi, ina n'kuzizira. Ukayenda wopanda nsapato umamva. Ine ndimakonda yozungulira ngati chigoba cha nkhono, pomwe paipi yolowetsa madzi imagona pafupi ndi yobweza, kutentha n'kufanana paliponse.

Nanga madzi atenthe bwanji? Pansi pa matailosi, m'chipinda chathuchi, akhoza kulowa ali pa madigiri 35 n'kutuluka ali pa 30. Kusiyana kwa madigiri 5 kumeneku kumafuna malita pafupifupi 210 pa ola, kutanthauza malita osakwana awiri pa mphindi mu mzere uliwonse. Madzi akamabwerera ozizira kwambiri, dziwani kuti akuyenda pang'onopang'ono, mwina m'paipi muli mpweya. Koma mukayala kapeti yokhuthala, kutentha kumatsekeka, ndipo madzi ayenera kupitirira madigiri 40 kuti chipinda chomwecho chifunde. N'chifukwa chake mwini nyumba ayenera kusankha choyala pansi mmisiri asanathire simenti.