Pampu ikamamwa mpweya, bowo lake silidontha

Mafunso ambiri amene ndimalandira kuchokera kwa alimi a m'madimba mu Okutobala ndi Novembala amafanana. Injini ikulira bwino, petulo alimo, koma madzi akutuluka moduladula ngati pampu ikutsokomola, kenako n'kuleka. Mwini wake amathira madzi m'pampu, kuiliza, madzi n'kubwera kwa mphindi zochepa, kenako zii. Ambiri amafika kwa ine ataweruza kale kuti pampu yatha mphamvu, ena atagula kale impela yatsopano, lija gudumu la mapiko lozungulira m'kati mwa pampu. Pa ntchito yanga yokonza mapampu ndaona kuti nthawi zambiri impela ilibe mlandu. Vuto limakhala mpweya umene ukulowa penapake pakati pa madzi a m'chitsime ndi pakamwa pa pampu.

Pampu sikoka madzi monga timaganizira. Chimene imachita ndi kuchepetsa mphamvu ya mpweya m'payipi yokokera, ndipo mpweya wa kunja, umene umapsinja pamwamba pa madzi a mumtsinje, ndiwo umakankhira madziwo kukwera m'payipimo. Mpweya wa kunjawu uli ndi malire. Kumadera otsika kwambiri, ofanana ndi nyanja yamchere, ungakweze madzi mamita 10.3 basi, ndipo pa ntchito yeniyeni pampu yabwino imalekera pa mamita 7 kapena 8. Mukamakwera kumtunda mphamvuyi imachepa ndi mita imodzi ndi pang'ono pa mamita 1,000 alionse, kotero pampu imene imakoka bwino ku Nsanje imafooka msanga ku Lilongwe, ndipo ku Dedza imafooka kuposa pamenepo. Tsono impela inapangidwa kuti izimwaza madzi. Mpweya ndi wopepuka pafupifupi ka 800 kuyerekeza ndi madzi, ndiye ukadzaza pakati pa impela, impelayo imangozungulira popanda chogwira.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Ku mbali yotulutsira madzi, bowo limadziulula lokha, chifukwa madzi amathovoka n'kunyowetsa nthaka. Ku mbali yokokera zinthu zimayenda mosiyana. M'kati mwa payipi muli mphamvu yochepa kuposa kunja, choncho pa bowo sipatuluka madzi, pamalowa mpweya. Mungayende ndi maso payipi yonse n'kuipeza youma gwa, pamene ikumwa mpweya pa malo atatu. Zili ngati kumwa madzi ndi kabango kong'aluka: mumayamwa mwamphamvu, m'kamwa mukulowa mphepo yokha, koma dzanja logwira kabangoko silinyowa.

Ndikufotokozereni za pampu ina ya petulo ya mainchesi 2 imene ndinaitanidwa kukaiona m'dimba la tomato m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe. Payipi yake yokokera inali ya mamita 6, ija yolimba yokhala ndi nthiti, ndipo kunsonga kwake kunali futivavu, kachitseko kamene kamalola madzi kukwera koma osabwerera. Mwini wake anandiuza kuti mu Juni ndi Julayi pampuyo inkagwira ntchito popanda dandaulo, koma pofika Okutobala inayamba zotsokomola zija. Mawu amenewa anandiuza zambiri. Nthawi yozizira madzi anali pafupi, mamita ngati 2 pansi pa pampu, koma tsopano anali atatsika kufika mamita 4 ndi theka. Madzi akatsika chotero, mphamvu yoyamwa m'payipi imakula, ndipo kabowo kamene kankalowetsa mpweya wochepa woti pampu n'kuupirira kamayamba kulowetsa wochuluka. Pa kuya kwa mamita 5 mphamvu ya m'payipi imakhala theka la ya kunja, kotero mpweya uliwonse wolowamo umafufuma kuwirikiza kawiri. Bowolo linalipo kuyambira kale. Chilimwe chinangoliika poyera.

Choyamba chimene ndimachita ndi kuchotsa zinthu zimene zimanamizira kuti ndi bowo. Ndinapita kumadzi kukaona nsonga ya payipi. Ikakhala pafupi kwambiri ndi pamwamba pa madzi, pamapangika kamvuluvulu kamene kamatsitsa mpweya mpaka m'sefa, ndipo pampu imatsokomola chimodzimodzi ngakhale payipi ili yabwinobwino. Pa payipi ya mainchesi 2 ndimafuna nsonga imire masentimita 30 mpaka 50, komanso isagone pamatope. Ndinaonanso ngati sefa siinatsekeke ndi ndere, ndi ngati payipi ilibe linunda lokwera kuposa pakamwa pa pampu, chifukwa mpweya umaunjikana pa linundalo kenako n'kulowa m'pampu nthawi imodzi. Zonsezi zinali bwino.

Kenako ndinalekanitsa pampu ndi payipi, kuti ndidziwe mbali yolakwa. Mapampu a petulo amenewa ali ndi mimba yosunga madzi, ndipo mukaidzaza amatha kutulutsa okha mpweya wa m'payipi pang'onopang'ono. Ndinamasula payipi, kudzaza mimbayo mpaka pakhosi, kutseka chivindikiro, kuliza injini, n'kuika chidutswa chosalala cha mphira pakamwa pa pampu. Mphirayo inakakamira mwamphamvu moti kuichotsa kunafuna kukoka. Pampu yotero ili moyo. Ikadakhala yosagwira, ndikadayang'ana mphira ya chivindikiro chothirira madzi, kabawuti kotulutsira madzi pansi, ndi chotsekera madzi chimene chili pa shafuti pakati pa injini ndi pampu, chimene amakaniki timati silu. Silu ikatha, mumaona madontho pansi pa malo amenewo injini itazimitsidwa, ndipo chimene chimaipha kwambiri ndi kuliza pampu yopanda madzi. Kuyesa kumeneku kusapitirire mphindi imodzi, ndipo zala zisalowe pakamwa pa pampu.

Tsopano payipi. Ndinakweza mbali yake ya kumtunda, kuidzaza ndi ndowa mpaka pakamwa, n'kudikira mphindi 10. Apa mwatembenuza zinthu: madzi akulemera okha m'payipi, choncho bowo limene linkayamwa mpweya likhoza kudontha. Madzi akamatsika koma kunja kwa payipi kuli kouma, ndiye kuti akuthawira pa futivavu, mwina kamchenga kapena kamtengo kapanikizika pa kachitseko. Ngati payipi yanu ili ndi sefa yokha popanda futivavu, itulutseni m'madzi, mangani nsonga ndi pepala la pulasitiki ndi mphira, ndipo yesani chimodzimodzi. Payipi ya ku Linthipe inasunga madzi ake osatsika ngakhale pang'ono. Koma kuyesa kumeneku kuli ndi malire amene muyenera kuwadziwa. Sikukhudza polumikizira payipi ndi pampu, popeza mwamasulapo, ndiponso pali mabowo ena amene amatsekeka madzi akamakankha kuchokera m'kati, n'kutseguka pokhapokha pampu ikamayamwa.

Choncho kuyesa kumene ndimakudalira kwambiri ndi kwa pampu ikulira. Ndinalumikiza zonse monga zinalili, kuthira madzi, kuliza injini pa liwiro lake la ntchito, n'kuimika mwana wa mwini dimba kunsonga yotulutsira madzi kuti azindiuza zimene akuona. Ine ndinatenga botolo la madzi n'kumathira pang'onopang'ono pa mfundo imodzi yokha kwa masekondi 20 kapena 30, kenako n'kupita pa ina. Madzi akaphimba bowo, bowolo limayamwa madzi m'malo mwa mpweya, ndiye kulira kwa injini kumasintha, kumamveka kolemera ngati yasenza katundu, ndipo kutsogolo madzi amatuluka mosadukiza. Mukaleka kuthira, kutsokomola kumabwerera. Musathire paliponse nthawi imodzi, chifukwa mudzaona kusintha koma simudzadziwa mfundo imene yachititsa. Ndipo yambirani pa pampu kutsikira kumadzi, chifukwa pakamwa pa pampu ndi pamene kuyamwa kuli kwakukulu, ndiponso ndi pamene kunjenjemera kwa injini kumamasula zinthu.

Pa pampu imeneyi pakamwa panali mfundo ziwiri zoyandikana: nati yaikulu yomangira cholumikizira ku pampu, ndi kilampu yofinya payipi pa cholumikiziracho. Nditathira pa nati, sipanasinthe kanthu. Nditathira pa kilampu, injini inalemera nthawi yomweyo ndipo mwana uja anakuwa kuti madzi abwera. Kuti nditsimikize ndinapaka thovu lokhuthala la sopo mozungulira, ndipo cha kunsi kwa payipi thovulo linkabooka kadzenje n'kumezedwa. Kumbukirani kuti pano simufuna thovu lofufuma ngati poyesa chubu cha njinga. Mukufuna thovu limene likuzimiririka.

Nditamasula ndinapeza chifukwa chake. Payipi inkalendewera paphompho popanda chochirikiza, kulemera kwake konse kuli pa cholumikizira, ndipo dzuwa linali litaumitsa nsonga yake mpaka kung'aluka kamng'alu kakang'ono pansi pa kilampu. Mwini wake anali atamangapo mphira ya chubu pamwamba, imene inabisa mng'aluwo koma osautseka. Ndinadula masentimita 10 a nsonga yowonongekayo, kuviika nsonga yatsopano m'madzi otentha kuti ifewe, kuilowetsa mpaka kumapeto kwa cholumikizira, n'kumanga makilampu awiri, zomangira zake zitayang'ana mbali zosiyana. Ndinasinthanso mphira yozungulira ya m'kati mwa nati, ngakhale inali isanayambe kulowetsa mpweya, chifukwa inali itaphwatalala. Mphira imeneyi ndiyo imatseka, osati mazinga a nati, ndiye kumanga natiyo ndi nyundo kapena kukulunga tepi yoyera pa mazinga ake sikuthandiza. Tepi ija ndi ya mazinga a mapayipi olowetsana okhaokha. Pomaliza tinakhoma mitengo iwiri yamphanda n'kugonekapo payipi kuti isakokenso pampu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachikana mwamphamvu. Madzi akatsika, ena amatsitsira pampu ya petulo m'chitsime momwemo kuti ifupikire madzi. Kufupikitsa pampu kumathandizadi, koma utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo umene umadzaza m'dzenje, ndipo munthu wotsikira m'menemo kukazimitsa injini akhoza kukomoka osatulukanso. Ngati mukufuna kutsitsa pampu, kumbani khonde lotseguka m'mbali mwa chitsime pamene mphepo ikudutsa. Chenjerani ndi chivindikiro chothirira madzinso: pampu ikalira nthawi yaitali osakoka, madzi a m'mimba mwake amatentha kwambiri, choncho zimitsani, dikirani izizire, kenako mutsegule.

Njira yothira madziyi imagwiranso pa mapampu a magetsi a pakhomo ndi pa mapampu opalasa ndi mapazi, malinga ngati payipi yokokera ili poonekera. Ikakhala yokwiriridwa pansi, lumikizani kaye payipi ina yaifupi yodutsa pamtunda kuchokera m'mgolo wa madzi. Pampu ikakoka bwino pamenepo, bowo lili m'payipi ya pansiyo, ndipo kukumba kwanu sikudzapita pachabe.

Inu amene pampu yanu yayamba kutsokomola chilimwe chino, musathamangire kusitolo kukagula impela. Yezani kaye kutalika kwa pakati pa madzi ndi pampu, ndipo ngati sikunapitirire mamita 6, tengani botolo la madzi ndi sopo muyambe pa nati ya pakamwa pa pampu.