Tsiku Limene Marlboro Anatsitsa Mtengo

Lachisanu pa 2 Epulo 1993, kampani ya Philip Morris ya ku America inalengeza kuti ikuchotsera masenti 40 pa mtengo wa paketi iliyonse ya ndudu za Marlboro. Paketi panthawiyo inkagulidwa pa madola awiri kapena kupitirirako pang'ono, choncho mtengo unatsika ndi pafupifupi 20 peresenti. Dzuwa lisanalowe, masheya a kampaniyo anali atagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo chuma choposa madola 10 biliyoni chinasungunuka tsiku limodzi. Masheya a makampani ena a katundu wodziwika, ngakhale osagulitsa fodya, nawonso anagwedezeka. Mpaka lero akatswiri a zamalonda amalitchula tsikuli kuti Lachisanu la Marlboro.

Kuti fodya amapha n'zosachita kufunsa, ndipo nkhani ino sikumuikira kumbuyo. Koma nkhani ya Marlboro ikuonetsa bwino lomwe zimene zimachitika katundu akakhwima pa msika. Komanso si nkhani yachilendo kwenikweni kuno kwathu, pakuti fodya wa bale amene alimi a ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji amapita naye ku okushoni ndi mtundu womwewo umene amasakaniza mu ndudu za ku America.

Ophunzira zamalonda amati katundu ali ndi moyo wa magawo anayi. Amabadwa, amakula, amakhwima, kenako amafota. Maganizo amenewa anawatchukitsa kwambiri ndi Theodore Levitt wa pa yunivesite ya Harvard mu 1965. Katundu akangobadwa, ntchito yaikulu ndi kudziwitsa anthu kuti alipo. Akamakula, ogula atsopano amabwera tsiku ndi tsiku, moti ngakhale opikisana naye achuluke aliyense amapeza pake. Zinthu zimasintha katundu akakhwima. Aliyense amene akanamugula anamugula kale kapena anamukana kale, ndiye kasitomala amene wina wapeza ndi amene wina wataya.

Ndudu ku America zinafika pamenepa kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Chaka cha 1981 ndicho chimene anthu a m'dzikolo anasuta ndudu zochuluka koposa, pafupifupi 640 biliyoni, ndipo kuchokera apo chiwerengero chinayamba kutsika pang'onopang'ono. Marlboro anali atakhazikika kalekale. Anayamba mu 1924 ngati ndudu za azimayi, m'zaka za m'ma 1950 anamusandutsa wa amuna pogwiritsa ntchito chithunzi cha woweta ng'ombe wokwera hatchi, ndipo pofika m'ma 1970 anali ndudu zogulidwa kwambiri padziko lonse.

Tsono kampani imatani ogula akasiya kuchuluka koma eni masheya akufunabe phindu lokwera chaka ndi chaka? Philip Morris inasankha njira yapafupi. Inkakweza mtengo chaka chilichonse, kuposa mmene mitengo ya zinthu zina inkakwerera. M'mabuku a ndalama zonse zinkaoneka bwino, phindu likungokwera. Koma pansi chiswe chinali chitalowa. Mu 1980 kampani ya Liggett inali itayamba kugulitsa ndudu zotchipa zopanda dzina lodziwika, ena anatsatira, ndipo Marlboro akakwera mtengo ndudu zimenezi zinkaoneka zotchipa kwambiri. Pofika kumayambiriro a 1993, paketi yotchipa m'malo ena inkagulidwa pa theka la mtengo wa Marlboro, ndipo ndudu zotchipa zinali zitalanda pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a msika wonse. Gawo la Marlboro linali litatsika kufika pa 22 peresenti.

Apa pali phunziro loyamba, ndipo likukhudza kwambiri aliyense wochita malonda m'dziko limene ndalama ikuchepa mphamvu. Munthu wofuna kudziwa ngati katundu wake wakhwima asawerenge ndalama zolowa. Awerenge mapaketi, mabotolo kapena makatoni amene atuluka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa akanatha kuona ndalama zambiri m'kabati kusiyana ndi chaka chapitacho, chikhalirecho katundu wotuluka ndi wochepa. Chinanso choyenera kuyang'ana ndi ogulawo: kodi pa anthu khumi ogula lero, angati akugula koyamba? Ngati pafupifupi onse ndi nkhope zakale, ndipo malonda a onse ogulitsa katundu wamtunduwo akungokula mofanana ndi kuchuluka kwa anthu, msikawo wakhwima. Pashelefu napo pamauza munthu. Mitundu imachuluka, imafanana, ndipo ogula amayamba kufunsa mtengo asanafunse dzina.

Pamsika wotere funso la mtengo limasintha. Munthu safunsanso kuti katundu wanga ndigulitse zingati. Amafunsa kuti ndimupose mnzanga wotchipa ndi zingati kuti ogula asandithawe. Dzina lodziwika lili ndi mtengo wake, ndipo anthu amalolera kuwonjezera kangachepe chifukwa cha dzinalo, koma pali malire. Osuta a ku America ankalolera kusiyana kwa masenti makumi angapo. Kusiyanako kutayandikira dola yathunthu, ambiri anati ayi, utsi ndi utsi.

Komabe kutsitsa mtengo ndi mankhwala owawa, ndipo masamu ake ambiri sawawerengera. Tiyerekeze mayi wina wopanga chiponde chogulitsa m'magolosale. Botolo limodzi limamudyera K700 kuphatikiza mtedza, botolo lenilenilo ndi mayendedwe, ndipo amaligulitsa pa K1,000. Pa botolo amapeza K300. Akagulitsa mabotolo 600 pa mwezi, amatsala ndi K180,000. Tsiku lina aganiza zotsitsa mtengo ndi K100 yokha, yomwe ndi 10 peresenti. Tsopano pa botolo akupeza K200, ndipo kuti apezenso K180,000 ija ayenera kugulitsa mabotolo 900. Mtengo wautsitsa ndi 10 peresenti, koma malonda ayenera kukwera ndi 50 peresenti kuti angobwerera pomwe anali.

Pamsika umene ukukula, ogula 300 owonjezerawo angapezeke. Pamsika wokhwima achokera kuti? Anthu sayamba kudya chiponde kawiri chifukwa chatsika ndi K100. Ogulawo ayenera kuchokera kwa opanga chiponde ena, ndipo enawo sangangokhala manja lende. Nawonso atsitsa, ndiye onse adzagulitsa mabotolo omwe aja pa phindu lochepa.

Masamu omwewa amathandizanso zinthu zikatembenuka, pamene mnzake ndiye wayamba kutsitsa. Mayi uja akatsatira, n'kusunga ogula ake onse 600 pa K200, apeza K120,000. Akakana kutsitsa, amapezabe K300 pa botolo, ndipo K120,000 yomweyo angaipeze ndi mabotolo 400 okha. Izi zikutanthauza kuti bola asatsitse, pokhapokha ngati akuona kuti ogula oposa 200, gawo limodzi mwa magawo atatu, amuthawa. Chovuta n'chakuti masamuwa ndi a mwezi umodzi. Wogula amene wazolowera chiponde china sabwerera msanga, ndipo mwini golosale akaona kuti botolo silikuyenda amalichotsa pamalo oonekera.

Mantha amenewo ndiwo anali ndi Philip Morris. Inadziwa kuti itaya ndalama zambiri, ndipo inachenjeza yokha kuti phindu la fodya ku America likhoza kutsika ndi 40 peresenti chaka chimenecho. Inasankha kuluza ndalama kusiyana ndi kuluza osuta amene akanagula kwa zaka zambiri. Taonaninso kuti sinatsitse mtengo kufika pa ndudu zotchipa. Marlboro anakhalabe wodula, kungoti kusiyana kunachepa kufika pamene osuta ankakulolera. Poyamba kutsitsako kunali kwa kanthawi, koma patapita miyezi ingapo kampani inakukhazikitsa. Opikisana nayo monga R.J. Reynolds anakakamizika kutsitsa ndudu zawo zodula. Opanga ndudu zotchipa analibe kothawira, chifukwa phindu lawo pa paketi linali kale laling'ono. Pofika 1995, Marlboro anali atafika pa 30 peresenti ya msika. Mkulu wa kampaniyo, Michael Miles, sanadikire kukolola zipatsozo, pakuti anatula pansi udindo mu 1994.

Mtengo sunayende wokha. Kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa kanema kunaletsedwa ku America kuyambira mu Januwale 1971, ndipo ngakhale kukanaloledwa, panalibe munthu wosadziwa Marlboro. Kutsatsa kwa katundu wokhwima sikufuna kudziwitsa anthu, kumafuna kuwagwira. Nthawi yomweyo imene mtengo unkatsika, kampani inali ndi ndondomeko yoti osuta azisunga timapepala ta pa paketi, akatisonkhanitsa tambiri n'kusinthanitsa ndi majekete, zikwama ndi zina zolembedwa dzina la Marlboro. Munthu amene watsala pang'ono kukwanitsa timapepala ta jekete sagula paketi ya wina. Kampani nayo inkapeza maina ndi maadiresi a ogula ake, n'kumawalembera mwachindunji.

Kusiyana kwa mphatso ndi kuchotsera mtengo n'kwakukulu. Sitolo ikazolowera kutchipitsa katundu sabata yomaliza ya mwezi uliwonse, ogula amaphunzira kudikira, amagula wambiri nthawi imeneyo, ndipo masabata otsatira malonda amazizira. Njira yodziwira ngati kutchipitsa kwapindula ndi kuphatikiza malonda a nthawi yotchipitsayo ndi a masabata otsatira, n'kuyerekeza ndi nthawi yofanana imene mtengo sunasinthe. Nthawi zambiri zimapezeka kuti amene anagula motchipa ndi omwe aja akanagula pa mtengo wonse.

Pali njira ina imene ndudu sizikanatha kutsata koma katundu wina angathe, yopatsa ogula akale chifukwa chatsopano chogulira. Soda wa Arm & Hammer, yemwe ndi soda yemweyu amayi amathira mu therere, malonda ake anali ataima chifukwa mabanja a ku America anachepetsa kuphika makeke pakhomo. Mu 1972 kampani ya Church & Dwight inayamba kuuza anthu kuti atsegule bokosi la sodayo n'kuliika mu firiji kuti lizichotsa fungo. Katundu anali yemweyo, koma bokosi limene linkatha miyezi yambiri m'kabati tsopano linkafunika kusinthidwa pafupipafupi, ndipo malonda anakwera.

Chenjezo lomaliza linachokera kwa akatswiri awiri a zotsatsa, Nariman Dhalla ndi Sonia Yuspeh, amene mu 1976 anatsutsa poyera chiphunzitso chonsechi. Iwo anati katundu si munthu woti ali ndi zaka zoikika. Malonda akaima kwa miyezi ingapo, mwina vuto ndi kutsatsa kofooka, kapena katundu sakufika m'masitolo. Bwana wofulumira kunena kuti katunduyo wakalamba amachotsa ndalama zotsatsira, malonda amagwadi, ndiye iye n'kumati ndinanena ine. Ndudu monga mtundu wa katundu zinalidi zikutsika ku America mu 1993, ndipo zatsikabe kuyambira pamenepo. Koma mkati mwa msika womwewo, gawo la Marlboro linapitirira kukwera mpaka kudutsa 40 peresenti m'zaka za m'ma 2000.