Mbale ya Willow Pansi pa Galasi Lokulitsa

Mbale yoyera ya zojambula za buluu ikhoza kupusitsa maso, koma galasi lokulitsa zinthu kakhumi limaulula zambiri.

Mbale za chithunzi cha Willow, zimene zinatchuka ku Staffordshire ku England cha m'ma 1790, amachita kudinda. Mmisiri ankagoba chithunzi pa chitsulo cha kopa, n'kupakapo utoto, n'kuusamutsira pa kapepala kopyapyala kamene ankamata pa mbale isanawotchedwe komaliza. N'chifukwa chake mthunzi wa mtengo kapena wa mlatho, ukakulitsidwa, umasanduka timadontho ndi timizere tolingana bwino. M'mphepete, pamene kapepalako kanakumana, maluwa amaduka kapena kugonana, ndipo pena pamaoneka kamzere koyera pamene pepala linakwinyika.

Mbale za ku Jingdezhen ku China zojambulidwa pamanja zilibe zimenezi. Mzere umanenepa n'kuondanso, utoto umada pamene burashi inaima, ndipo masamba awiri safanana ndendende.

Chosokoneza n'chakuti amisiri ena ankadinda mizere ya m'mbali yokha, mitundu n'kudzaza pamanja. Pamenepo utoto umasefukira mzere kapena kuperewera, pomwe mzerewo uli wofanana pa mbale zonse za gululo.