Bolodi yatsopano ikakana kudzuka

Kuno ku Luwani, ngakhale tili m'boma la Neno lomwe muli Nkula ndi Tedzani, zambiri zomwe ndimalumikiza zimadya magetsi a batire la sola la mavoti 12. Batire lotere lilibe chisoni. Pakakhala shoti, tinjira ta kopa timapsa musanaphethire. N'chifukwa chake bolodi yatsopano sindiyipatsa magetsi mita isanalankhule.

Titenge bolodi yoyendetsa pampu ya madzi, yokhala ndi tchipi cha ATmega328P cha miyendo 28 ndi legiyuleta ya 7805. Batire lisanalumikizidwe, ndimaika mita poti izilira, n'kugusa mwendo 7 ndi mwendo 8, wa magetsi ndi wa nthaka. Ikalira pang'ono n'kusiya, musadandaule, ndi makapasita akudzaza. Ikalira osaleka, pali shoti, ndipo kawirikawiri ndi kadontho ka mtovu kogwirizanitsa miyendo yoyandikana.

Kenako ndimazula tchipi mu soketi, n'kuika babu la njinga yamoto la mavoti 12, mawati 5, pakati pa batire ndi bolodi. Bolodi yabwino imakoka magetsi ochepa kwambiri moti babu siliyaka. Likawala, zimitsani, china chalowa chozondoka. Likakhala chete, yezani: pafupifupi 12 polowa mu 7805, ndi 5 potuluka. Polowapo pakatsika pansi pa 7, musayembekeze 5 wokhazikika. Mavoti 5 amenewa afike pa mwendo 7 komanso pa 20, umene ambiri amauiwala. Mwendo 1 nawo uonetse 5, apo ayi tchipi chidzangokhala choumirizidwa kuyambiranso.

Povuta ndi pa wotchi, kugunda kumene tchipi chimawerengera ntchito yake. Mita wamba siikuona bwino kugundaku, ndipo apa ndi pomwe matchipi abwinobwino amatayidwa. Chochokera ku fakitale chimayendera wotchi yam'kati pa 1 MHz, osalabadira kristalo ya 16 MHz yomwe mwaika pa miyendo 9 ndi 10, mpaka mutasintha mafyuzi, omwe ndi zosankha zolembedwa m'kati mwa tchipi. Ine ndimabwezera tchipi mu soketi, n'kulowetsa pulogalamu yongophethiritsa kanyali pa sekondi iliyonse, yolembedwera 16 MHz. Kanyali kakamatenga masekondi 16, bolodi ilibe vuto, ndi mafyuzi chabe. Ambiri sadikira n'komwe masekondiwo, amangoti yafa.

Koma mukasintha mafyuzi kristalo isakugunda, tchipi chimati zii, ngakhale kompyuta sichiyankha. Pamenepo yang'anani makapasita awiri a pambali pa kristalo. Ayenera kukhala a 22 pF. Timafanana kwambiri timeneti, ndipo wolembedwa 223 ndi wamkulu kuwirikiza 1,000, moti kristalo singagunde n'komwe. Musinthe ameneyo musanatumize munthu ku Blantyre kukagula tchipi china.